Tsamba likutseguka mu ofesi koma pa data likungozungulira, chalakwika n'chiyani?

NaBanda_waKatundu
Mwaswera bwanji abale. Ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yonyamula katundu kuchoka Joni kupita kumudzi, ofesi yathu ili cha ku Booysens. Tili ndi tsamba la pa intaneti lomwe makasitomala amalemba nambala ya lisiti n'kuona pomwe katundu wawo wafika, kaya thiraki ili pa Beitbridge, pa Nyamapanda kapena yalowa kale pa Mwanza. Chiyambireni mwezi uno anthu akungoimba kuti tsamba silikutseguka. Ine ndikaliyesa pa kompyuta ya mu ofesi likutseguka bwinobwino, pa foni yanga ndili pa wayifayi ya ofesi likutsegukanso. Ndikangozimitsa wayifayi n'kuyatsa data, basi likungozungulira mpaka kutopa. Abwana akuti makasitomala ndi amene sadziwa kugwiritsa ntchito mafoni, poti iwo akuliona tsambalo ndi maso awo. Mnyamata amene anatikonzera anabwerera ku Mzuzu ndipo foni yake sikupezeka. Alipo angandiunikire?

Kaligondo
Achemwali, mwaona kaye ngati bandulo yanu si ya WhatsApp yokha? Tisavutitse akatswiri pomwe nkhani ndi ya marandi khumi.

NaBanda_waKatundu
Data ilipo yeniyeni, masamba ena onse akutseguka. Komanso si ine ndekha, mayi wina anaimba ali ku Area 25 ku Lilongwe, wina ali ku Cape Town, onse chimodzimodzi.

CheJafali_Mayfair
Zimenezi ifenso kuntchito kwathu zilipo. Abwana anatseka Facebook ndi YouTube kuti anthu azigwira ntchito. Ukafuna kuona mpira wa Flames umatuluka panja n'kuyatsa data yako. Ndiye musadandaule mwana wanga, ndi abwana anuwo anatseka.

Kaligondo
Ankolo mwawerenga chadodolido. Kwa iwowa mu ofesi ndi momwe zikutheka, panja ndi pomwe zikukanika.

Mfana_waNdirande
Sisi, imeneyo ndi nkhani ya DNS, njira yomwe foni imapezera adiresi ya tsamba kuchokera pa dzina lake, ndakumana nayo kambirimbiri. Ma netiweki a foni amachedwa kudziwa zikasintha. Lowani mu Settings, pezani Private DNS, lembanimo dns.google, kenako mufufute zakale mu bulawuza. Zitseguka pompo.

Mawaya_aRandburg
Mayi NaBanda, tisanayambe kusintha zinthu, tandiuzeni mawu enieni omwe akubwera pa foni ikatopa kuzungulira. Pansi pa uthengawo pamakhala timalemba tating'ono ta zilembo zikuluzikulu, ndipo timeneti ndi tomwe timaloza kumene vuto lili. Mukaona DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN, ndiye kuti foni yafunsa dzina la tsambalo koma kunja kuno palibe akulidziwa. Mukaona ERR_CONNECTION_TIMED_OUT, dzina lapezeka, adiresi yapatsidwa, koma foni yatumiza uthenga ku adiresiyo ndipo palibe chabwerako. ERR_CONNECTION_REFUSED ndiye kuti makina alipo ndipo ayankha kuti sakulandira. Ikabwera nambala 403, tsamba mwalifika ndithu koma lakukanani dala. Mavuto anayiwa mankhwala ake ndi osiyana, ndiye osamangomwa alionse.

Funso lachiwiri: tsambalo limakhala kuti? Mumalipira kampani ina mwezi ndi mwezi kuti izikusungirani, kapena pali kompyuta ina mu ofesimo yomwe simuzimitsa?

NaBanda_waKatundu
Zikomo bambo. Pakulembedwa ERR_CONNECTION_TIMED_OUT. Za Private DNS ndayesa monga ananenera achimwene aja, sizinasinthe. Chodabwitsa n'chakuti nditaika dns.google ija, tsamba linasiya kutseguka ngakhale ndili pa wayifayi ya ofesi. Ndachotsa, labwerera.

Kompyuta ilipo. Ndi bokosi lakuda lili pansi pa tebulo la abwana, lopanda sikirini, pamwamba pake anamatapo pepala lolembedwa kuti osazimitsa. Mayi oyeretsa amaikapo ketulo nthawi zina.

Mfana_waNdirande
Eee ndiye zachilendo zimenezo. Koma DNS yo ilimo ndithu mu nkhaniyi, ndikukuuzani.

Mawaya_aRandburg
Ilimo aphwanga, simunaphonye kwenikweni, kungoti si mbali ya netiweki ya foni. Zomwe zachitika atasintha Private DNS zija zatiuza zambiri. Foni itasiya kufunsa rauta ya mu ofesi n'kukafunsa kunja, inapatsidwa yankho lina. Ndiye kuti dzina limodzi lomwelo lili ndi mayankho awiri, la m'kati ndi la kunja. Tiyeni tione ndi maso.

Mayi, pa laputopu yomwe ili pa wayifayi ya ofesi, dinani batani la Windows, lembani cmd, mutsegule zenera lakuda lija. Lembanimo mizere iwiriyi, umodzi umodzi, koma pomwe ndalemba track.example.com muike dzina la tsamba lanu:

```
nslookup track.example.com
nslookup track.example.com 8.8.8.8
```

Mzere woyamba ukufunsa rauta yanu. Wachiwiri ukudumpha rautayo n'kukafunsa Google, yomwe ikuyankhani zomwe dziko lonse likuuzidwa. Mundiuze nambala yomwe ili pa Address yam'munsi, pansi pa dzina la tsambalo. Ya pamwamba ndi ya yemwe wayankha, isakusokonezeni. Manambala a yankho lachiwiri mukhoza kuwasintha pang'ono musanaike pano, gululi ndi lalikulu.

NaBanda_waKatundu
Ndachita. Dzina ndi manambala a kunja ndasintha monga mwanenera.

```
Name:    track.example.com
Address: 192.168.1.20

Name:    track.example.com
Address: 203.0.113.45
```

Mfana_waNdirande
Basi yatha nkhani! Yomwe ikugwira ntchito ndi 192.168.1.20. Lowani komwe munagula dzina la tsamba, muchotse inayo muike imeneyi, aliyense azipita kolondola.

NaSibeko_Midrand
Ayi ayi achimwene, musawasocheretse. Adiresi yoyamba ndi 192.168 siyenda pa intaneti. Pamodzi ndi zoyamba ndi 10, komanso kuyambira 172.16 mpaka 172.31, zinapatulidwa kalekale kuti zizigwira ntchito m'kati mwa nyumba ndi maofesi basi. Pano ndikulemba, kwanga kunonso kukhoza kukhala chipangizo chokhala ndi 192.168.1.20, mwina ndi TV. Zili ngati nambala ya chipinda m'mafulati a ku Hillbrow: ukakhala m'kati mwa nyumbayo n'kunena kuti chipinda 20, aliyense akulozera. Koma ukamuuza munthu ali ku Park Station kuti bwera ku chipinda 20 osatchula msewu ndi dzina la nyumba, apita kuti? Akaika nambala imeneyo kunja, foni ya kasitomala wa ku Area 25 izifunafuna bokosilo m'nyumba mwake momwe.

Mnyamata anakonzayo sanalakwitse poika mayankho awiri, ambiri timatero. Analemba mu rauta kuti a m'kati azipita molunjika ku bokosi, a kunja azifika pa adiresi ya ofesi ya pa intaneti, kenako rauta iziwalowetsa pa poti 443, khomo la masamba otetezedwa, kupita ku bokosi lomwelo. Kuipa kwake n'kwakuti njira ya kunja ikafa, a mu ofesi sadziwa, chifukwa iwo sadutsa kumeneko. N'chifukwa chake abwana anu akulumbira kuti zonse zili bwino.

Mawaya_aRandburg
Mwandilanda mawu mayi NaSibeko. Tsopano funso ndi lakuti 203.0.113.45 ikadali yanu kodi? Mayi NaBanda, mu ofesimo chasintha n'chiyani mwezi watha? Intaneti mukugula komwe kuja?

NaBanda_waKatundu
Aaa. Faiba inaduka anthu ena akukumba mumsewu, ndipo inatenga nthawi osakonzedwa. Abwana anatopa, anathetsa mgwirizano n'kugula kabokosi koyera ka 5G kokhala ndi simu. Anangozula waya wa faiba ku rauta yakale n'kulumikiza kabokosiko pamalo pomwepo. Intaneti inabwera, tonse tinasangalala.

Kaligondo
Munasangalala inu, makasitomala akulira.

Dalaivala_waTete
Pepani ndilowererepo, ine ndimayenda msewu umenewu. Kunena zoona tsamba lingatseguke kapena ayi, katundu akaima pa Beitbridge waima basi. Ulendo wathawu tinagona pamzere, mafoni a makasitomala osatha, wina mpaka kunditukwana chifukwa cha firiji yake. Ndiye kaya muli ndi tsamba kaya mulibe, anthu amaimbabe.

CheJafali_Mayfair
Adalaivala, firiji ya zitseko ziwiri mukunyamula zingati masiku ano mpaka Mangochi? Ndili nayo ndikufuna ipite isanafike Eid.

Dalaivala_waTete
Ndipezeni kumbali ankolo, zimatengera kukula kwake ndi za pa boda. Pano atithamangitsa.

NaSibeko_Midrand
Inde za firiji kumbali chonde, mayiwa ntchito ili pamoto.

Mfana_waNdirande
Ndiye ngati intaneti anasintha, adiresi yasinthanso, eti? Pamenepa n'zosavuta. Alembe what is my ip pa Google, atenge nambala yatsopanoyo akaike mu DNS m'malo mwa yakale. Ngati imasinthasintha pali No-IP ndi DuckDNS, zimatsatira zokha. Makamera a pashopu pathu ku Fordsburg ndinapanga choncho ndipo ndimawaona ndili kunyumba.

Mawaya_aRandburg
Pashopu panu muli pa faiba, si choncho aphwanga? Pamenepo zimatheka ngati akupatsani adiresi yanuyanu ya pa intaneti. Pa kabokosi ka simu kawirikawiri sizitero, ndipo pali njira yodziwira tisanataye nthawi.

Mayi, chitani ziwiri. Lembani what is my ip monga wanenera mnyamatayu, musunge nambalayo. Kenako tembenuzani kabokosi koyerako, pansi pake pali kapepala kokhala ndi adiresi yolowera ndi mawu achinsinsi. Lowani, mufufuze polembedwa WAN IP kapena IP Address pa tsamba la Status kapena Device Information. Manambala awiriwa akafanana, nzeru ya mnyamatayu igwira, kungowonjezera kutsegula poti mu kabokosikonso. Akasiyana, nkhani ndi ina.

NaBanda_waKatundu
Ndachedwa, ndimadikira abwana apite ku nkhomaliro kuti nditembenuze kabokosi kawo. Google ikuti 198.51.100.7, iyi ndasintha. Mu kabokosi pa WAN IP palembedwa 100.72.14.9, iyi ndasiya momwe ilili. Zasiyana.

Mawaya_aRandburg
Ndi zomwe ndimaopa. Nambala iliyonse kuyambira 100.64 mpaka 100.127 ikaoneka pa WAN, dziwani kuti muli kuseri kwa chomwe timati CGNAT. Ndifotokoze pang'onopang'ono.

Maadiresi a mtundu wakale, a IPv4, onse pamodzi alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo nkhokwe yaikulu ya dziko lonse inatha kugawidwa mu 2011. Makampani a mafoni ali ndi makasitomala mamiliyoni, sangapatse simu iliyonse adiresi yakeyake. Ndiye simu amaipatsa nambala ya m'kati mwa netiweki yawo, monga 100.72.14.9 yanuyo, ndipo mukamatuluka kupita pa intaneti mumatulukira pa adiresi imodzi pamodzi ndi anthu ena ambiri osawadziwa. 198.51.100.7 yomwe Google yakuuzani si yanu nokha, ndi yogawana.

Mukayamba inuyo kulankhula, monga kutsegula imelo, makina a kampaniyo amalemba kuti uthengawu wachokera kwa uje, ndipo yankho likabwera amadziwa kolipereka. N'chifukwa chake intaneti mu ofesi ikuyenda bwino. Koma kasitomala wa ku Lilongwe akayamba iyeyo, uthenga wake umafika pa adiresi yogawanayo, makina aja n'kuyang'ana m'kaundula mwawo osapeza yemwe anaupempha, n'kungoutaya osayankha kanthu. Foni imadikira mpaka kulemba TIMED_OUT. Uthengawo sufika n'komwe pa kabokosi kanu, ndiye kaya mutsegule mapoti onse mu rauta zonse ziwiri, palibe chisinthe. No-IP nayo ingolengeza adiresi yogawanayo mokhulupirika, koma khomo likhalabe lotseka.

Ndiye mavuto anu ndi awiri osanjikizana. Dzina la tsamba likulozabe ku adiresi ya faiba yomwe munasiya, ndipo ngakhale mutalikonza, intaneti yatsopanoyi silola olowa kuchokera kunja.

Mfana_waNdirande
Koma madala, nanga makamera a anthu ena bwanji amaoneka pa foni pomwe ali pa simu? Msuweni wanga ku Diepsloot ali ndi kamera pa kabokosi ngati komweko.

NaSibeko_Midrand
Chifukwa kamerayo ndi imene imayamba kulankhula. Imatuluka yokha n'kukagwirana ndi seva ya kampani yomwe inaipanga, foni ya msuweni wanu nayo imapita komweko, amakumana kumeneko. Ndipo imeneyo ndi imodzi mwa njira zothetsera vuto la mayiwa. Pali Cloudflare Tunnel: mumaika pulogalamu yotchedwa cloudflared pa bokosi lakuda lija, imatsegula njira kuchokera m'kati kupita kunja, makasitomala n'kumalowera mmenemo. Sipafunika kutsegula poti iliyonse. Chofunika n'chakuti dzina la tsamba lisamutsidwe kuti DNS yake izisungidwa ku Cloudflare, ndiye pafunika mawu achinsinsi a komwe dzinalo linagulidwa.

Koma ine maganizo anga, bokosilo lichoke pansi pa tebulo. Tsamba lomwe anthu a mayiko awiri akudalira lisamakhale pomwe pamaikidwa ketulo. Magetsi akazima ku Booysens, kaya ndi lodishedingi kaya mawaya abedwa, kasitomala wa ku Zomba alakwanji? Lipirani seva yaing'ono kwa osunga masamba, musamutsire zonse kumeneko, nkhani ya simu ndi faiba isamakukhudzeninso.

Mawaya_aRandburg
Pa mfundo ndikugwirizana nanu, koma pa lero ayi. Sitikudziwa zomwe zili m'bokosimo. Mwina pulogalamu ya malisiti ya pa kauntala imalemba molunjika m'menemo, ndipo mukasamutsa mopupuluma mupha zomwe zikugwira ntchito pofuna kudzutsa zakufa. Wokonza palibe, zolemba za mmene anakonzera palibe. Ine ndikanayamba ndi chosakhudza bokosi: imbirani omwe anakugulitsani simu, mufunse ngati pa mgwirizano wa bizinesi angakupatseni adiresi yanuyanu yosasintha, yolola olowa kuchokera kunja. Ena amapereka polipira kena pamwezi n'kukusinthirani APN, dzina lomwe simu imalowera nalo pa netiweki yawo, ena sapereka n'komwe pa mabandulo a kunyumba. Akavomera, ntchito yotsala ndi yochepa: kabokosi koyera kazipereka poti 80 ndi 443 ku rauta yakale, yomwe malamulo ake akale akadalimo, kenako kusintha A record, mzere wa mu DNS wosunga adiresi ya dzina lija, kuti iloze ku adiresi yatsopano. Akakana, bwererani ku faiba kapena tsatirani njira ya mayi NaSibeko.

NaSibeko_Midrand
Ndiye mukufuna kutsegulira dziko lonse bokosi lomwe palibe akulisamalira? Ndani akuika zigamba za chitetezo m'menemo chichokereni mnyamata uja? Muli maina ndi manambala a foni a makasitomala, ndipo lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu silisiya kampani chifukwa choti ndi yaing'ono.

Mawaya_aRandburg
Linali lotsegula kale mpaka mwezi watha, mayi. Ndipo njira yanu ya Cloudflare nayo ikulitsegulira dziko lomwelo, kungoti polowera pasintha. Pulogalamu ikakhala yobooka, ndi yobookabe.

NaSibeko_Midrand
N'chifukwa chake ndikuti lisamuke likakhale pomwe wina akuliyang'anira. Sitigwirizana pamenepa bambo.

Mlonda_waUsiku
Ine langa linali lofanana koma gwero lina, mwina lithandiza wina. Tsamba la tchalitchi chathu limatseguka pa wayifayi, koma pa data anthu ena limawakanira ena ayi, ndipo mawa lake amene anakanidwa dzulo zimatheka. Tinapeza kuti pa seva panali fail2ban, yomwe imatsekera adiresi ikalakwitsa mawu achinsinsi kangapo. Mkulu wa mpingo mmodzi akaiwala ake n'kuyesa mobwerezabwereza, imatseka adiresi yogawana ija, onse otulukira pamenepo n'kuvutikira limodzi.

Mawaya_aRandburg
Ndi CGNAT yomweyo koma mwaionera mbali ya kasitomala. Kusiyanitsa kwake n'komwe mwanenako: lanu limagwira ena n'kusiya ena, la mayiwa lagwira aliyense wa kunja, kaya ali pa data kaya pa wayifayi ya kwawo. Mayi NaBanda, muwauze abwana zimenezo, vuto si data. Akafika kunyumba madzulo ayese pa wayifayi yawo, aona okha.

Dalaivala_waTete
Koma mnzanga wina amayendetsa za kampani ngati yanuyo amati kwa iye tsamba limatseguka pa data ali mu yadi.

Kaligondo
Mu yadi wayifayi ya ofesi imafika, akulu. Foni imalumikiza yokha iye osadziwa.

NaBanda_waKatundu
Nanenso dalaivala wathu mmodzi akulimbikira kuti Lachiwiri linamutsegukira ali ku Musina. Sindikudziwa ngati linali tsamba lakale losungidwa mu foni kapena akungofuna kusangalatsa abwana.

Mfana_waNdirande
Mwina IPv6, maadiresi a mtundu watsopano aja? Ndinamva kuti pa IPv6 palibe zogawanazi.

NaSibeko_Midrand
Zikanatheka pokhapokha dzinalo likanakhala ndi AAAA record, mzere wa mu DNS wosunga adiresi ya IPv6, ndipo nslookup ikanaonetsa adiresi yachiwiri yaitali yokhala ndi zilembo. Mayiwa atiwonetsa imodzi yokha. Mumufunse dalaivalayo ngati anaona malo a thiraki a tsiku lomwelo kapena a mwezi watha.

Mawaya_aRandburg
Chinthu china musanapite, chifukwa chikubwera ndithu. Pa kompyuta ya mu ofesi tsegulani tsambalo, dinani kachizindikiro kali kumanzere kwa dzina pamwamba, mupeze satifiketi, muone yemwe anaipereka ndi tsiku lomwe ithere. Ngati ndi ya Let's Encrypt, imakhala masiku 90, ndipo bokosi limayesa kuikonzanso lokha kukatsala masiku pafupifupi 30. Pa njira yomwe ambiri amagwiritsa ntchito, a Let's Encrypt amayenera kufika pa bokosi lanu kuchokera kunja pa poti 80 kuti atsimikize kuti dzinalo ndi lanu. Pano sangafike. Ndiye tsikulo likakwana, ngakhale mu ofesi muyamba kuona chenjezo lofiira la NET::ERR_CERT_DATE_INVALID.

Ndipo adiresi yakale ija isakhalitse mu DNS. Kampani ya faiba ikhoza kuipereka kwa kasitomala wina, anthu anu n'kumafika pa makina a munthu wosamudziwa atanyamula dzina lanu.

NaBanda_waKatundu
Ndaona, ndi ya Let's Encrypt, ikutha pa 19 mwezi wamawa. Abwana abwera, ndawawerengera zonse. Poyamba amati ndikuwanena kuti anagula chinthu cholakwika, koma nditawauza kuti azimitse wayifayi pa foni yawo ayese okha, angoti zii. Akuti mawa aimba kufunsa za adiresi yosasintha ija. Za kusamutsa bokosi akuti tidikire Disembala adutse, katundu wachuluka.

Chatsala n'chakuti palibe akudziwa mawu achinsinsi a komwe dzina la tsamba linagulidwa. Akuganiza kuti zonse zili pa imelo ya mnyamata uja.

NaSibeko_Midrand
Popanda zimenezo palibe njira ngakhale imodzi mwa zitatuzi yomwe itheke, zonse zimafuna kusintha DNS. Fufuzani m'mabuku a ndalama, dzinalo limalipiridwa chaka ndi chaka, ndiye invoisi ilipo penapake ndipo ikuuzani kampani yake. Ngati linalembetsedwa m'dzina la bizinesi, muwaimbire ndi mapepala a kampani, ali ndi njira yobwezera akaunti kwa mwini wake. Ngati analembetsa m'dzina lake, pafunika mnyamatayo apezeke.

CheJafali_Mayfair
Ku Mzuzu mbali iti? Mlamu wanga ali ndi shopu ku Chibavi, akhoza kufunsa.

NaBanda_waKatundu
Ndikulemberani kumbali ankolo. Panopa ndayamba kutumiza malo a mathiraki pa WhatsApp pamanja, anthu asiye kuimba.